Kulipira dola ndi dola: mmene wogulitsa katundu kunja angadzitetezere ku kuyendayenda kwa kwacha

Pa 9 Novembala 2023, Banki Yaikulu ya Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi imene dzulo lake inali pafupifupi K1,180 inafika pafupifupi K1,700. Anthu ambiri amaganiza kuti tsiku ngati limenelo ndi la chikondwerero kwa aliyense wogulitsa katundu kunja, poti madola ake tsopano abala makwacha ochuluka. Kwa ena zinalidi choncho. Koma taganizani za wamalonda amene mu Okutobala anali atasintha madola ake onse kukhala makwacha, pomwe anali ndi ngongole ya madola 20,000 ya mayendedwe a katundu yoyenera kulipidwa kumapeto kwa Novembala. Pamene ankagulitsa madola 20,000 amenewo analandira K23.6 miliyoni. Pamene ankawafunanso, mtengo wake unali K34 miliyoni. Ndalama zoposa K10 miliyoni zinapita, chonsecho katundu sanawole, wogula sanathawe, ndipo mtengo wa katundu sunatsike. Munthuyo anali ndi madola m'manja, anali ndi ngongole ya madola, koma sanazikumanitse ziwirizi.

Kukumanitsa kumeneku ndiko nkhani yathu. Wogulitsa kunja amakonza malonda ake mwanjira yakuti zolipira zina zikhale m'ndalama yomweyo imene amalandira, kuti mtengo wa dola ukasuntha, zolowa ndi zotuluka zisunthire limodzi. Palibe chimene amagula kubanki kuti atetezedwe. Chitetezo chimachokera m'kayendetsedwe ka bizinesi yeniyeniyo. Pali njira ina yomwe makampani aakulu amagwiritsa ntchito, yopangana ndi banki lero mtengo umene adzasinthire madola miyezi itatu ikubwerayi, koma pangano lotere silipezeka wamba kwa wamalonda wamng'ono, makamaka foleksi ikamavuta. Njira yokumanitsa zolowa ndi zotuluka ili m'manja mwa aliyense amene ali ndi kope ndi cholembera.

Kuti zimveke, titenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsata mpaka kumapeto. Manambala ake ndi ongoyerekeza, ndawasankha kuti masamu asavute, koma kayendedwe ka malonda ndi kenikeni.

Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi nyumba yosungiramo katundu ku Limbe ndipo amagula nandolo kwa alimi ndi mavenda a ku Mulanje, Phalombe ndi Zomba n'kumatumiza ku India. India ndiye msika waukulu wa nandolo wa ku Malawi, ndipo malondawa amachitika m'madola a ku America. Mayiwa apeza wogula matani 100, omwe ndi makontena anayi a matani 25, kapena kuti matumba 2,000 a makilogalamu 50. Mtengo ndi madola 800 pa tani, katundu atafika padoko la ku Mumbai, ndiye kuti pamgwirizano palembedwa CFR, kutanthauza kuti wogulitsa ndi amene alipire sitima ya pamadzi. Zolowa zonse ndi madola 80,000.

Zotuluka zili mitundu iwiri. Zina ndi za makwacha: kugula nandolo, kulipira opeta ndi osankha, onyamula matumba, lendi, kuthira mankhwala ophera anankafumbwe, mapepala a boma. Tinene kuti zonsezi ndi K85 miliyoni. Zina ndi za madola: thiraki yopita ku Beira pamodzi ndi zolipira za padoko, madola 10,000; sitima ya pamadzi, madola 6,000; mkhalapakati amene anapeza wogula, madola 2,000; oyeza katundu ndi masipeya a makina opetera, madola 2,000. Pamodzi ndi madola 20,000. Dola ikakhala pa K1,700, makwacha aja K85 miliyoni ndi ofanana ndi madola 50,000, choncho phindu loyembekezeka ndi madola 10,000, omwe ndi K17 miliyoni.

Funso loyamba limene mayiwa ayenera kudzifunsa ndi lakuti: mwa madola 80,000 amenewa, ndi angati amene akudalira mtengo wa kwacha? Si onse. Madola 20,000 angolowa n'kutulukanso ali madola. Kaya dola ifike pa K1,000 kaya pa K3,000, wa sitima adzafuna madola ake 6,000 omwewo ndipo mayiwa adzakhala nawo. Amene ali pangozi ndi otsala, madola 60,000, chifukwa amenewo ndi ofunika kuwasandutsa makwacha kuti abweze mpamba ndi kupereka phindu. Nambala yotsalayi ndi imene wamalonda aliyense wotumiza katundu kunja ayenera kuidziwa pamtima. Ambiri amadziwa mtengo wa tani, amadziwa za sitima, koma ukawafunsa kuti madola angati ali pambalambanda, amayamba kukanda mutu.

Tsopano tiyese kuti kwacha yakwera mphamvu ndi 10 peresenti katundu ali panyanja, dola yatsika kufika pa K1,530. Madola 60,000 aja abala K91.8 miliyoni. Tikachotsa K85 miliyoni, phindu latsala K6.8 miliyoni m'malo mwa K17 miliyoni. Onani mmene zimapwetekera: dola yasuntha ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, koma phindu ladulidwa kuposa theka. Zili choncho chifukwa kusuntha kwa dola kumagunda ndalama yonse ya malonda pomwe phindu ndi kagawo kakang'ono ka ndalamayo. Ndipo mayiwa akanakhala kuti zolipira zawo zonse anazimanga m'makwacha, kuphatikizapo za thiraki ndi sitima, zotuluka zikanakhala K119 miliyoni, zolowa K122.4 miliyoni, phindu K3.4 miliyoni yokha. Madola 20,000 amene anakumana ndi anzawo awapulumutsira K3.4 miliyoni.

Wina anganene kuti kwacha sikwera mphamvu, ntchito yake ndi kugwa basi. Zaka zambiri zimaoneka choncho: inagwa kwambiri mu Meyi 2012, inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako mu 2023 muja. Koma kumayambiriro kwa 2015 kwacha ya Malawi inakwera mphamvu kwa miyezi ingapo, ndipo nthawi imene inkayenda yokha pamsika inali ndi chizolowezi cholimba m'nyengo yogulitsa fodya n'kufooka chakumapeto kwa chaka. Anzathu a ku Chipata ndi Katete amakumbukira 2021: kwacha ya Zambia inachoka cha m'ma 22 pa dola pakati pa chaka kufika cha m'ma 16 chisankho cha mu Ogasiti chitatha. Amene anagula soya kapena mtedza akuwerengera 22, n'kulandira malipiro dola ili pa 16, anataya kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zomwe ankayembekezera.

Ku Malawi kuli chinthu china chimene chimaluma wogulitsa kunja mofanana ndi kukwera mphamvu kwa kwacha, ngakhale pa bolodi la kubanki sichioneka. M'chaka cha 2024, kuyambira mu Malichi, mtengo wa dola kubanki unaima cha pa K1,750, pomwe mitengo ya zinthu m'dziko inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, ndipo dola ya pamsika wa mseri inali pamwamba kwambiri. Wamalonda ngati mayi athu aja amagula nandolo, kulipira aganyu ndi kubwereka galimoto pamitengo imene ikuthamanga, koma dola yawo akaipereka kubanki imabala makwacha omwe aja a miyezi yapitayo. Pamenepa dola iliyonse imene yagwiritsidwa ntchito polipira chinthu cha madola yagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Dola imene yasinthidwa, kenako n'kuifunanso, yadutsa pazipata ziwiri: banki imagula motsika n'kugulitsa mokwera, ndiponso munthu amakaima pamzere wa odikira foleksi pamodzi ndi oitanitsa feteleza ndi mankhwala, kontena ili padoko ikuwerengeredwa ndalama za tsiku ndi tsiku. Ine ndimaona kuti kwa wamalonda wamng'ono wa ku Malawi, kupewa mzere umenewu ndi phindu lalikulu la njirayi kuposa masamu onse a mtengo wa dola.

Chida choyamba ndi akaunti ya ndalama zakunja, imene mabanki amailemba kuti FCDA. Malipiro a wogula amafikira mmenemo ali madola, ndipo zolipira zakunja zimatuluka mmenemo mutaonetsa invoisi ndi mapepala a katundu. Popanda akauntiyi palibe chokumanitsa, chifukwa ndalama zimasanduka makwacha tsiku lomwe zafika.

Koma kukhala ndi akaunti sikokwanira. Kuti dola yolowa itetezedi dola yotuluka, ziyenera kugwirizana pa mtundu wa ndalama, pa kuchuluka, ndi pa nthawi. Pa zitatuzi, chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi nthawi, ndiye tikhalepo pang'ono.

Nandolo amakololedwa kuyambira cha mu Julayi mpaka Seputembala. Mayi aja agula mu Ogasiti, apeta, alongedza, ndipo mu Seputembala makontena anyamuka. Wa thiraki afuna ndalama zake katundu akafika ku Beira, mwina theka asananyamuke n'komwe. Kampani ya sitima kawirikawiri situlutsa chikalata cha katundu musanalipire, ndipo popanda chikalatacho wogula sangathe kulandira katundu, choncho nayenso salipira. Ndiye kuti madola 16,000 a thiraki ndi sitima akufunika mu Seputembala, pomwe madola 80,000 a wogula adzafika mwina mu Okutobala kapena Novembala. Papepala la chaka chonse zikuoneka kuti zolowa zaphimba zotuluka. Pa kalendala sizinaphimbe. Mu Seputembala mayiwa ndi munthu wofuna kugula madola ngati wina aliyense, ndipo kwacha ikagwa mwezi umenewo, kapena banki ikanena kuti dikirani, iwo ndi amene alire.

Pali njira zingapo zotsekera mpata umenewu, ndipo zonse zimakambidwa musanasaine mgwirizano, osati katundu ali kale pamsewu. Yoyamba ndi kupempha wogula kuti alipiretu gawo lina. Ogula odziwana nawo amavomera kupereka gawo la ndalama pamene mgwirizano wasainidwa, zotsalazo akaona mapepala a katundu. Yachiwiri ndi kugawa katundu pawiri: makontena awiri anyamuke msanga, ndipo malipiro ake adzalipirire ulendo wa awiri otsalawo. Apa madola amene mukufunika kuwapeza panokha atsika ndi theka. Yachitatu ndi kusiya madola ena muakaunti kuchokera pa malonda apitawo, dala, kuti adikire ulendo wotsatira. Izi zimafuna kudziletsa, chifukwa ndalama zikafika pamakhala aganyu oti alipidwe, ngongole za mavenda, ndi fizi ya ana. Koma madola a sitima ya ulendo wotsatira si anu, ngakhale ali muakaunti yanu. Ali ngati mbewu yosungidwa patsindwi: njala ingalume bwanji, simuikazinga.

Yachinayi ndi kugulitsa pa FOB m'malo mwa CFR, kuti wogula alipire yekha sitima, inu udindo wanu uthere katundu akakwera sitima ku Beira kapena ku Nacala. Apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu. Ena amaganiza kuti kugulitsa pa CFR kumawonjezera chitetezo poti zolipira za madola zachuluka. Sizili choncho. Mukatenga udindo wa sitima, mtengo wanu umakwera ndi madola 6,000 ndipo zolipira zanu zimakwera ndi madola 6,000 omwewo; otsala pangozi akadali 60,000. Chimene chasintha n'chakuti tsopano muyenera kupeza madola 6,000 musanalandire kanthu, ndiponso mitengo ya sitima ikakwera mutasaina kale, kukwerako ndi kwanu. Kuwonjezera zolipira za madola mwa njira imeneyi sikuteteza. Chimene chimateteza ndi kusandutsa cholipira chimene chinali cha makwacha kuti chikhale cha madola.

Ndipo apa ndi pamene malire a njirayi amaonekera. Cholipira chachikulu cha mayi aja ndi nandolo weniweniyo, ndipo mlimi wa ku Phalombe amalandira makwacha. Simungamulipire m'madola, malamulo a ndalama zakunja salola kuti malonda a m'dziko muno azichitika m'ndalama yakunja mwachisawawa, ndiponso mlimiyo akufuna ndalama yogulira chimanga ndi sopo. Fakitale imene imasoka zovala ndi nsalu yoitanitsa kunja n'kugulitsanso kunja imakhala yotetezeka mwachibadwa chifukwa zambiri zimene imagula ndi za madola. Wogulitsa mbewu zolimidwa kumudzi sali choncho. Gawo lalikulu la madola ake lidzakhalabe pambalambanda, pokhapokha atagwiritsa ntchito chida chachiwiri, chomwe ndi champhamvu komanso choopsa: ngongole ya madola.

Imayenda motere. Mu Ogasiti mayiwa akufuna mpamba wogulira nandolo. M'malo mobwereka makwacha, abwereka madola 40,000 kubanki kapena ku bungwe lothandiza otumiza katundu kunja, monga Export Development Fund, atapereka mgwirizano wawo ndi wogula ngati umboni. Madolawo awasintha nthawi yomweyo pa K1,700, apeza K68 miliyoni, agulira nandolo. Malipiro akafika mu Novembala, abweza madola 40,000 ali madola. Chimene chachitika n'chakuti madola 40,000 a mu Novembala awagulitsiratu mu Ogasiti pamtengo umene akuudziwa, mtengo womwe anawerengera pogula nandolo. Otsala pangozi tsopano ndi 20,000 okha, tisanachotse chiwongoladzanja.

Tibwerezenso mayeso aja. Dola ikatsika kufika pa K1,530, madola 20,000 abala K30.6 miliyoni. Zolipira za makwacha zimene mayiwa anatulutsa m'thumba mwawo ndi K17 miliyoni, poti K68 miliyoni inachokera m'ngongole. Phindu ndi K13.6 miliyoni, osati K6.8 miliyoni ya poyamba paja. Nanga dola ikakwera kufika pa K1,870? Wopanda ngongole ya madola apeza K27.2 miliyoni, pomwe mayiwa apeza K20.4 miliyoni. Ndiye mtengo wa chitetezochi ndi umenewo: tsiku loipa simugwa kwambiri, tsiku labwino simudumpha kwambiri. Pali amalonda amene amakana zimenezi, amati ku Malawi kwacha idzagwa ndithu, bwanji ndidzimange? Ndi ufulu wawo, koma adziwe kuti pamenepo akubetcha pa tsiku limene Banki Yaikulu idzalengeze, ndipo tsikulo likhoza kuchedwa chaka chathunthu mitengo ya kumudzi ikukwera. Bizinesi yawo ndi nandolo. Phindu la K17 miliyoni limene anawerengera ndi limene liyenera kutetezedwa.

Ngongole ya madola imakopanso chifukwa chiwongoladzanja chake chimakhala chotsika poyerekeza ndi cha makwacha. Mu 2024 chiwongoladzanja cha Banki Yaikulu chinali pa 26 peresenti, ndipo mabanki ankabwereketsa amalonda ang'onoang'ono pamwamba pa pamenepo. Kukopa kumeneku ndi kumene kumalowetsa anthu m'dzenje, chifukwa ngongole ya madola ndi chitetezo pokhapokha madola obwezera akubweradi. Wogula akakana katundu ponena kuti ali ndi chinyezi kapena wafumbwa, akachedwetsa malipiro miyezi inayi, kapena msika ukatsekeka, ngongole ija imatembenuka: m'malo mokhala ndi madola owonjezera, muli ndi madola operewera, ndipo kugwa kulikonse kwa kwacha kumakuonjezerani katundu pamutu. Amene anali m'malonda a nandolo mu 2017 sanaiwale. Chaka chimenecho India inaika malire pa nandolo wolowa m'dziko lake, mitengo ku Malawi inagwa pansi, ndipo matumba anaunjikana m'nyumba zosungiramo katundu. Mu 2021 maiko awiriwa anasainirana mgwirizano wolola matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, koma phunziro linatsala: msika umene umadalira chilolezo cha dziko limodzi ukhoza kutsekeka ndi chikalata chimodzi. Choncho ngongole ya madola iyenera kumangidwa pa mgwirizano wosainidwa, wokhala ndi wogula wodziwika, osati pa chiyembekezo chakuti wogula apezeka. Ndipo tsiku lobwezera likhale patsogolo ndi milungu ingapo kuposa tsiku loyembekezera malipiro, chifukwa sitima zimachedwa ndipo doko la Beira limadzaza.

Kuchuluka kwa ngongoleyo nakonso kuli ndi malire amene amachokera ku lamulo. Mu 2021 Banki Yaikulu inabwezeretsa lamulo lakuti wogulitsa kunja azisintha 30 peresenti ya madola ake akangofika. Gawoli limasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho musanapange masamu funsani banki yanu kuti lero lili pati, koma tiwerengere pa 30. Pa madola 80,000, okwana 24,000 asanduka makwacha kaya mufune kaya musafune. Otsala muakaunti ndi 56,000. Tsopano werengani zimene mayi aja analonjeza kulipira m'madola: 20,000 za mayendedwe ndi zina, 40,000 za ngongole, kuphatikiza chiwongoladzanja, tinene madola 1,500. Zonse ndi 61,500. Aperewera ndi madola 5,500. Munthu amene walowetsa madola 80,000 m'dziko akupezeka ali pamzere wopempha foleksi kuti amalize ngongole. Akanawerengera bwino, akanabwereka madola pafupifupi 30,000, kuti patsale kampata ka zogwa mwadzidzidzi, monga wogula kudulako mtengo chifukwa katundu waperewera pa sikelo. Chimodzimodzi ndi ndalama yolipiriratu ija: ngati mukufuna madola 16,000 a thiraki ndi sitima, kupempha 16,000 sikukwanira, chifukwa lamulo likadulapo gawo lake mutsala ndi 11,200. Mufunika kupempha cha m'ma 24,000 kuti mutsale ndi 16,800. Masamu a kukumanitsa amayambira pa madola otsala lamulo litadya kale, osati pa amene alembedwa pa invoisi.

Pali kanjira kachidule kamene anthu ena amayesa, ndipo ndiyenera kukachenjeza. Amauza wogula wa ku India kuti, m'malo motumiza ndalama zonse ku Malawi, mulipire mwachindunji kwa wondigulitsa makina ku China, zotsalazo ndiye mutumize kuno. Pa masamu zikuoneka zokoma. Pa lamulo ndi mlandu ngati palibe chilolezo. Katundu akamatuluka m'dziko amadzazidwa pa fomu ya CD1, imene imanena mtengo wake, ndipo ndalama yonse yolembedwa pamenepo iyenera kufika kubanki ya ku Malawi m'nthawi yoikika. Banki imayerekeza zimene zinalembedwa ndi zimene zafika. Pakaperewera, mudzafunsidwa, ndipo zikhoza kukutsekerani njira ya makontena otsatira. Kukumanitsa kovomerezeka kumachitikira mkati mwa akaunti yanu, ndalama zitafika, osati kunja.

Za mtundu wa ndalama tisatayepo nthawi yambiri, koma cholakwika chake chimachitika kawirikawiri kwa amene amagulitsa ku South Africa. Munthu amatumiza mtedza kapena mpunga wa kilombero ku Johannesburg, amalandira marandi, koma wa thiraki kapena ngongole yake ndi ya madola, ndipo mumtima amati zonsezi ndi foleksi. Randi ndi dola si chinthu chimodzi. Mu Januwale 2020 dola inali cha pa marandi 14. Pofika mu Epulo inali itafika cha pa 19. Marandi 280,000 amene akanalipira madola 20,000 mu Januwale ankangokwanira madola pafupifupi 14,700 mu Epulo. Wolandira marandi afunefune zolipira za marandi: matumba, makatoni, masipeya ndi makina ogulidwa ku South Africa komweko, ndi wa thiraki wovomera marandi. Apo ayi, apemphe wogula kuti invoisi ilembedwe m'madola. Koma asagule chinthu ku South Africa chifukwa chongofuna kukumanitsa marandi pomwe chomwecho chikupezeka chotchipa kwambiri kwina. Kulipira mowonjezera ndi 15 peresenti lero kuti mupewe ngozi ya 10 peresenti imene mwina siibwera si nzeru.

Pali zolipira zinanso zimene zimalembedwa m'makwacha koma mtima wake ndi wa dola. Dizilo ndi chitsanzo choyamba. Kwacha ikagwa, mtengo wake sumachedwa kutsatira, ndipo mwini lole amene amatuta matumba kuchokera kumisika ya kumudzi amakweza sabata yomweyo. Matumba a pulasitiki, mankhwala ophera tizilombo, matayala, zonsezi zimayenda ndi dola. Ngakhale mtengo wa nandolo kumudzi umakwera, chifukwa ogula ena onse nawonso akuwerengera madola. Tanthauzo lake ndi lakuti phindu limene mumaona kwacha ikagwa ndi la katundu amene munagula kale basi. Ulendo wotsatira mudzagula pamtengo watsopano. Amene amatenga makwacha owonjezera aja ngati phindu, n'kugulira galimoto, amadzapeza kuti mpamba umene chaka chatha unadzaza makontena anayi chaka chino ukudzaza atatu.

Nanga mungadziwe bwanji ngati mwakumanitsadi? Tengani pepala, lembani miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi m'mbali mwake, ndipo ndalama yakunja iliyonse ikhale ndi pepala lakelake, madola paokha, marandi paokha. Pa mwezi uliwonse lembani zimene zilowe mutachotsa gawo la lamulo, ndi zimene zituluke, n'kumapititsa chotsala ku mwezi wotsatira. Tsiku la malipiro a wogula mulilembe mochedwerako kuposa mmene walonjezera. Mwezi uliwonse umene chotsala chatsika pansi pa ziro ndi mwezi umene mudzakhale wogula madola, ndipo umenewo ndiwo woti muukonze lero pokambirana ndi wogula, wa thiraki kapena banki. Kenako tengani madola amene mudzawasinthe ndithu kukhala makwacha, muwachulukitse ndi mtengo wotsika ndi 10 peresenti, muone ngati phindu likutsalapo. Kwa mayi athu aja, popanda ngongole ya madola, phindu lonse limatha dola ikatsika kufika cha pa K1,417, pamene madola 60,000 amangokwanira kubweza K85 miliyoni. Atabwereka madola 30,000 n'kuwasintha pa K1,700, atsala ndi K34 miliyoni yoti ibwezedwe ndi madola 30,000, ndipo malire amenewo atsika kufika cha pa K1,133, tisanawerengere chiwongoladzanja. Pepala lomwelo likonzedwenso nthawi iliyonse wogula akasintha tsiku, sitima ikachedwa, kapena Banki Yaikulu ikatulutsa chidziwitso chatsopano cha gawo loyenera kusintha.